Kodi chala cha mlimi chimaima pati?

Ndili ndi funso limene ena aliona ngati lachibwana, koma paja safunsa anadya phula. Azakhali anga ali ndi shopu ya zipangizo zaulimi pa Mponela, ndipo anandipatsa ine foni ya pashopu kuti ndizilemba mauthenga otsatsa malonda pa sitetasi ya WhatsApp, m'magulupu a alimi ndi pa Facebook. Katundu wathu sasintha kwenikweni: feteleza, mbewu, mankhwala opopera, matumba osungiramo chimanga. Owerenga nawonso ndi omwewo. Koma uthenga wina ukapita, foni imalira mpaka madzulo, pamene wina umapita n'kungoti zii. Chimasiyanitsa n'chiyani? Azakhali amati ndi mzere woyamba. Nanga mzere umodzi wokha ungakhale bwanji ndi mphamvu yotere, pamene nkhani yonse ili m'munsi mwake?

Nditawafunsa zimenezi sanandiyankhe ndi pakamwa. Anatenga foni yawo, natsegula WhatsApp, n'kundiuza kuti ndiyang'ane mndandanda wa mauthenga ndisanatsegule uliwonse. Pansi pa dzina la gulupu iliyonse pankaoneka timawu tochepa, kenaka timadontho titatu. Basi. "Mwanangu, munthu amaona zokhazi," anatero. "Akakopeka ndi timawuti atsegula. Akapanda kukopeka chala chipitirira." Ngakhale atatsegula, uthenga wautali umadulidwa panjira n'kulembedwa `Read more`, ndipo pa Facebook pamalembedwa `See more`. Ndi angati amadina pamenepo ali pa njinga ya kabaza, kapena akudikira kuchigayo?

Ndinafunsa za chithunzi. Kodi chithunzi cha matumba ataunjikidwa mpaka kudenga sichingaimitse munthu? Anati chingathe, koma alimi ambiri amene timagulitsa nawo amagula bandulo yaing'ono, ndipo foni zawo anazitchera kuti zithunzi zisamatsike zokha. Chithunzi chimangooneka mbuu, chili ndi kamuvi pakati. Kuti munthu awononge bandulo yake kutsitsa chithunzicho, payenera kukhala mawu amene amuuza kuti m'menemo muli zake.

Apa m'pamene panabuka funso limene linandivuta kwambiri. Ife tinaleredwa kuti munthu suyamba nkhani usanapereke moni. Ndiye kodi si mwano kulemba uthenga wopanda "Moni makasitomala athu okondedwa, tikukhulupirira kuti muli bwino"? Azakhali anandiuza kuti ndiwerenge mawu amenewo ndi kuona pamene timadontho titatu tija tigwere. Tikugwera pa "okondedwa". Ndiye kuti mlimi wa ku Madisi waona moni yekha, wofanana ndi moni wa ogulitsa kaunjika, wa okongoza ndalama ndi wa aliyense amene ali naye pa foni. Sanadziwe ngati nkhani ndi ya feteleza kapena ya nsapato.

Anandikumbutsa za anyamata oitanira minibasi pa depoti. Safuula kuti "mwadzuka bwanji". Amafuula dzina la kumene galimoto ikupita, ndipo wopita kumeneko yekha ndiye amatembenuka. Moni amabwera munthu akafika pakhomo la galimoto. Kwa ifenso moni ali ndi malo ake: munthu akayankha uthenga, kapena akafika pakauntala, timamulonjera mokwanira, kumufunsa za kunyumba ndi za mvula. Ndipo ngati mtima sukulola kuyamba popanda ulemu, pali njira yachidule imene ndi moni komanso kuitana nthawi imodzi: "Alimi anzathu a kwa Dzoole," kapena "Amayi a m'madimba a ku Bua". Wotchulidwayo amadziwa kuti akunena iye.

Chabwino, moni tamusuntha. Ndiye tiyambe ndi katundu? "Yureya wafika!" Kodi si ndiye nkhaniyo? Yankho la azakhali linali loti mzere umenewu umagwira ntchito nthawi imodzi yokha, pamene Yureya wasowa m'mashopu ndipo anthu akhala akumufunafuna. Tsiku limenelo mawu awiriwa ndi okwanira, osawonjezera kanthu. Koma masiku ena onse, shopu iliyonse ya m'mbali mwa msewu wa M1 ili naye Yureya yemweyo. Kunena kuti wafika sikumuuza mlimi chachilendo. Ndi nkhani ya shopu, ndipo mlimi sadzuka m'mawa akuganiza za shopu yathu. Amadzuka akuganiza za munda wake.

Ndiye mzere woyamba uyambire kumunda. Izi n'zosavuta kunena, koma ine sindinamvetse mpaka tsiku limene tinakhala pansi ndi alangizi a zaulimi amene amakonda kudzacheza pashopu, n'kulemba uthenga umodzi kuyambira pachiyambi.

Anandifunsa kuti mvula yodzalira inagwa liti kwa anthu amene amagula kwa ife. Tinene kuti inagwa pa 5 Disembala, ndipo ambiri anadzala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Chimanga chimamera pakatha masiku asanu kufikira asanu ndi awiri, ndiye tinene pa 11 kapena 12. Feteleza wobereketsa amathira chimanga chikatha masabata atatu chimerereni, mwina kufika anayi. Ndiye kuti kwa anthu amenewa nthawi ya Yureya ikugwa m'masiku oyambirira a Januwale. Ndinafunsa ngati uthenga upite tsiku lomwelo la pa 1 Januwale. Alangizi anaseka pang'ono, nati, "Achimwene, ndalama ya thumba la feteleza siikhala m'thumba la malaya kudikira uthenga wanu." Wina ayenera kugulitsa mbuzi pa tsiku la msika, wina akatenge ku banki m'khonde, wina aimbire mwana wake ku Joni. Zonsezi zimafuna masiku. Uthenga uyenera kupita kutatsala sabata, ndalama za Khirisimasi zisanathere ku zina.

Mzere umene tinalemba unali wotere:

"Munadzala ndi mvula ya pa 5 Disembala? Yureya wanu athiridwe sabata yamawa."

Ndinauyang'ana kwa kanthawi. Mulibe dzina la shopu, mulibe mawu oti tikugulitsa. Ndinafunsa kuti n'chiyani chimene chingaimitse chala pamenepa. Alangizi anati pali zinthu ziwiri. Choyamba, tsikulo. Aliyense amene anadzala ndi mvula imeneyo amaikumbukira, ndipo akaona deti lake mumtima amayankha kuti "eya, ndi ine". Munthu amene wayankha funso mumtima mwake waima kale. Chachiwiri, mzerewu wamuwerengera masiku amene mwina iye sanawerenge. Wamupatsa kanthu asanagule chilichonse. Ngakhale akagule kwina, wapindula, ndipo adzakumbukira kuti nambala imeneyi imanena zothandiza.

Ndinafunsanso: nanga amene anadzala mochedwa, pa 20 Disembala, sitikuwataya? Azakhali anati tikuwasiya dala lero, ndipo tidzawalembera uthenga wawo pakatha masabata awiri. Uthenga wofuna kugwira aliyense sutchula tsiku, sutchula mudzi, sutchula mbewu, ndiye palibe amene amadziona m'menemo. Izi zimandidabwitsabe, kuti pochepetsa anthu amene ukuwalankhula m'pamene oyankha amachuluka, koma ndi zimene ndikuona pa foni ya pashopu.

Pansi pa mzere woyamba tinaikapo zimene mzerewo walonjeza. Alangizi anatiwerengera motere. Pa kadzalidwe kamene amalimbikitsa, mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, ndipo hekitala imakhala ndi mapesi pafupifupi 53,000. Hekitala yotere imafuna matumba awiri a NPK wokulitsa ndi matumba atatu a Yureya, lililonse la makilogalamu 50. Koma alimi athu salankhula za mahekitala, amalankhula za maekala. Ekala ndi pafupifupi magawo awiri mwa magawo asanu a hekitala, ndiye Yureya wa ekala imodzi ndi makilogalamu 60, kapena kuti thumba limodzi ndi makilogalamu 10 apadera. Pa phando lililonse ndi pafupifupi magalamu atatu. Mzere wachiwiri unangoti: "Ekala imodzi: thumba limodzi ndi makilogalamu 10. Boolani pakati pa mapando, thirani, kwirirani." Kukwirirako n'kofunika chifukwa Yureya akasiyidwa pamtunda, mphamvu yake ina imauluka ndi mpweya, ndipo mvula yamphamvu imamukokolola. Kenaka mtengo wa tsikulo, kenaka pamene shopu ili. Uthenga wonse mizere inayi.

Kuwerengera kumeneku kunandipatsa funso lina. Kodi nambala yokha singakhale mzere woyamba? Azakhali anati ingathe, ikakhala nambala imene mlimi amadzifunsa yekha. Mu Okutobala ndi Novembala, funso limene timalimva kwambiri pakauntala ndi lakuti, "Kodi paketi iyi ikwana munda wanga?" Mbewu ya chimanga imalowa pafupifupi makilogalamu 25 pa hekitala, kutanthauza makilogalamu 10 pa ekala. Ndiye mzere wakuti "Ekala imodzi imadya mbewu makilogalamu 10, paketi ya makilogalamu 2 siyikwana ngakhale theka la theka" ukuyankha funso limene munthu anali nalo kale. Azakhali amati mizere yabwino yambiri siichokera m'mutu mwa wolemba. Imachokera pakauntala. Funso limene anthu atatu afunsa m'mawa, madzulo likhale mzere woyamba, m'mawu omwewo amene iwo anafunsira. Ngati anati "chimanga chapsa", tilembe "chapsa". Ngati anati "anankafumbwe andithera", tilembe zomwezo.

Dzina la mbewu nalonso ndi chimodzimodzi. Pa paketi pamalembedwa SC 403 kapena SC 719, koma pakamwa pa mlimi pamatuluka Kanyani ndi Njobvu. Kanyani imacha msanga, Njobvu imatenga nthawi yaitali ndipo imafuna mvula yokwanira. Munthu amene mvula yamuchedwera sakufuna mndandanda wa mbewu khumi. Akufuna kumva kuti, "Mwachedwa kudzala? Musatenge mbewu yochedwa kucha." Ndinadabwa kuti wogulitsa angayambe uthenga ndi mawu oti "musatenge". Azakhali anati mawu oletsa ochokera kwa wogulitsa ndi achilendo, n'chifukwa chake anthu amaima. Ndipo ndi oona: anthu sanaiwale ng'amba ya chaka cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Amene anaona chimanga chake chikufota chisanabereke amamvetsa mzere umenewu mosachita kumufotokozera.

Nanga mtengo? Ili ndi funso limene ndinalimbikira, chifukwa ndimaona amalonda ambiri akulemba kuti wofuna mtengo abwere ku inibokosi. Ndinaganiza kuti mwina ndi nzeru, kuti munthu ayambe kulankhula nawe. Azakhali amadana nazo zimenezi. Amati mlimi amene wabisiridwa mtengo amaganiza zinthu ziwiri: kuti ndi wokwera, kapena kuti umasintha malinga ndi nkhope ya wofunsa. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza wakhala nkhani ya m'nyumba iliyonse, ndipo munthu amafuna kudziwa ngati ndalama yake ikukwana asanalipire kabaza wobwera ku Mponela. Ngati mtengo wathu uli wabwino, ukhoza kukhala mzere woyamba wokha: dzina la katundu, kulemera kwake, mtengo, ndi mawu oti "lero". Ngati suli wotsika kuposa wa anzathu, upite pa mzere wachitatu, koma ulembedwe ndithu. Ndipo tsiku lilembedwe pambali pake, chifukwa sitetasi imafufutika pakatha maola 24 koma uthenga wa m'gulupu umakhalabe, ndipo wina adzabwera nawo patatha mwezi akufuna mtengo wakale.

Pali chinthu china chimene sindikanachiganizira. Uthenga wathu sumathera mwa amene tawatumizira. Mayi wa ku Nambuma amautumiza kwa mwana wake amene akugwira ntchito ku Joni, kuti aone ndi maso kuti thumba lili pa ndalama zingati asanatumize ndalama pa Mukuru. Mnyamata ameneyo satidziwa, ndipo akuwerenga ali pa ntchito. Uthenga ukakhala ndi katundu, kulemera, mtengo, tsiku ndi malo, amatumiza ndalama. Ukakhala wongoti "katundu yense alipo, fulumirani", amayamba kufunsa mafunso, ndipo sabata imatha.

Tsopano ndifike pa funso limene ndimaliona kuti ndi lalikulu. Ngati cholinga ndi kuimitsa chala, bwanji osangolemba chilichonse chodzidzimutsa? Timaona mauthenga otere tsiku ndi tsiku. "Matumba atsala asanu okha!" "Botolo limodzi ili likulowa m'malo mwa matumba anayi a feteleza!" "Kololani matumba 100 pa ekala!" Anthu amaima ndithu. Ndiye cholakwika n'chiyani?

Azakhali anandiyankha ndi funso: "Ukalemba kuti atsala asanu, munthu n'kufika n'kuona matumba mpaka kudenga, mawa ukadzalemba zoona adzakhulupirira?" Ife sitigulitsa kwa anthu odutsa. Amene wagula mbewu mu Novembala ndi yemwe adzafune Yureya mu Januwale, mankhwala a mbozi mu Febuluwale, matumba osungiramo mu Meyi. Ndipo katundu wathu ali ndi khalidwe lakuti bodza lake limaonekera poyera, m'munda wa m'mbali mwa njira, mudzi wonse ukuona. Za botolo lija alangizi anangowerengera. Thumba la Yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 23, chifukwa Yureya ndi 46 peresenti. Botolo la lita imodzi, lonse ndi madzi ake omwe, limalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Lingalowe bwanji m'malo mwa thumba, osanena matumba anayi? Feteleza wopopera m'masamba ali ndi ntchito yake yowonjezera, koma amene wasiya Yureya chifukwa cha mzere wotere adzalira pokolola, ndipo adzadziwa amene anamunamiza.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti kuopseza kulikonse n'koipa. Nanga ntchemberezandonda, zimene zakhala zikusautsa alimi chifikireni m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, si zoopsa zenizeni? Alangizi anati kusiyana kuli apa: mzere woipa umamuuza mlimi kuti aope, mzere wabwino umamuuza choti akayang'ane. "Mbozi zatha chimanga, gulani mankhwala msanga!" ndi mzere wongochititsa mantha, ndipo ukhoza kupangitsa munthu kupopera munda umene mulibe mbozi, kutaya ndalama ndi kudzithira poizoni pachabe. Koma taonani uwu:

"Suzumirani kunsonga kwa chimanga chanu m'mawa uno. Mukuona zonga utuchi?"

Zonga utuchizo ndi ndowe za mbozi, zimene zimaunjikana pakati pamene masamba atsopano amatulukira. Chizindikiro china ndi timawanga toonekera kuwala pa masamba, pamene timbozi tating'ono tapala chobiriwira n'kusiya kakhungu. Mbozi ikakula imakhala ndi chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda cha kumchira. Mlimi akhoza kupita kumunda, n'kutsegula nsonga ndi zala, n'kudzionera yekha. Akapeza, abwera. Akapanda kupeza, sanataye kanthu, ndipo watikhulupirira. Pansi pake timalemba kuti mankhwala amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono, kuti apopere m'mawa kwambiri kapena madzulo, alunjike m'nsonga momwemo, atsatire mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo adziteteze kukamwa, mphuno ndi manja. Azakhali salola kuti ndilembe za mankhwala amene alibe chizindikiro chosonyeza kuti ndi ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo, ngakhale atakhala otchipa chotani.

Pali msampha wina umene unandidabwitsa, chifukwa ulibe bodza looneka. Mzere wakuti "Chimanga chanu chachita chikasu? Yureya alipo" ukuoneka wabwino: wayambira kumunda, wafunsa funso, ndi waufupi. Ndinafunsa alangizi chifukwa chimene anapukusira mutu. Anati chikasu chili ndi zifukwa zambiri. Chimanga chikasowa nayitirojeni, chikasu chimayamba ndi masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga ya tsamba n'kumatsika motsata mtsempha wapakati. Chikayamba ndi masamba atsopano a pamwamba, nthawi zambiri vuto ndi lina, monga kusowa kwa salufa. Munda ukadikha madzi chimanga chimachitanso chikasu, ndipo kuthira Yureya m'madzimo n'kutaya ndalama. Kaufiti naye amafooketsa chimanga iye asanatuluke n'komwe pamtunda. Ndiye mzere woona uyenera kutchula chikasu chake: "Masamba a m'munsi akuchita chikasu kuyambira kunsonga?" Mawu awiri atatu owonjezerawo ndi amene amasiyanitsa malangizo ndi kungokankha katundu. Ndipo ndaona kuti mzere wolunjika chonchi umaimitsanso anthu kwambiri, chifukwa amene masamba ake ali choncho amamva ngati tinadutsa m'munda mwake.

Za zilembo zikuluzikulu ndi tizithunzi ta moto ndi mabelu sindinena zambiri. Timadya malo a mawu pa kamzere kochepa kaja, ndipo aliyense akutigwiritsa ntchito. Chizungu nachonso chimodzimodzi: amene amagula kwa ife amaganiza za munda wawo m'Chichewa.

Funso lotsatira linali losavuta kufunsa koma lovuta kuyankha: tidziwa bwanji kuti mzere wagwira? WhatsApp imaonetsa anthu amene aona sitetasi, ndipo poyamba nambala imeneyo imasangalatsa. Koma kuona si kuwerenga. Sitetasi zimadutsa zokha motsatizana, ndipo munthu amawerengedwa kuti waona ngakhale anali kuthamangira ya mnzake. Azakhali amayang'ana zinthu zina. Amayang'ana mtundu wa mafunso amene akubwera. Munthu akalemba kuti "ndili ndi ekala ndi theka, ndiye ndi makilogalamu angati?" ndiye kuti wawerenga, ndipo wayamba kale kuyeza munda wake. Akalemba kuti "mukugulitsa chiyani?" ndiye kuti mzere wathu sunanene kanthu. Amamvetseranso pakauntala. Munthu akalowa n'kunena kuti "ndabwera za utuchi zija", palibe chofunsanso. M'kope limene timalemba zogulitsa, tsopano pamwamba pa tsamba la tsiku lililonse timalembapo mzere umene tinatumiza, kuti pakutha pa nyengo tidzaone kuti ndi iti inabweretsa anthu. Koma azakhali amachenjeza kuti kope lingathenso kunamiza. Tsiku la msika anthu amachuluka ngakhale uthenga ukhale woipa, ndipo mvula ikadula masabata awiri palibe mzere umene ungagulitse Yureya. Tiyerekeze tsiku la msika ndi la msika linzake, sabata ya mvula ndi ya mvula inzake.

Ndinafunsanso kuti tizitumiza kangati. Yankho linali lalifupi: pamene pali chonena. Gulupu ya alimi si yathu, ndipo amene amatumiza zofanana m'mawa uliwonse anthu amasiya kumuwerenga, mwinanso oyang'anira gulupu amamuchotsa. Kalendala ya munda imapereka yokha zonena. Chizimalupsa chikagwa, anthu amafuna kudziwa ngati adzale kapena adikire. Mu Meyi ndi Juni nkhani ndi ya kusunga, ndipo mzere wakuti "Chimanga cha chaka chatha anankafumbwe anakuyambani mwezi uti?" umatsegula njira yofotokozera za matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja, amene amapha tizilombo potisowetsa mpweya popanda mankhwala, bola chimanga chikhale chouma bwino ndipo pepala lililonse limangidwe palokha. Nyengo yotentha ikamayandikira, oweta nkhuku amadziwa kuti chitopa chili pafupi, ndipo mzere woyenera ndi wowakumbutsa kuti katemera amaperekedwa kwa nkhuku zamoyo bwino, matenda asanalowe m'khola.

Funso limene sindinapezebe yankho lake lokwanira ndi la anthu amene uthenga wolembedwa suwafika. Ambiri amene amalima minda imene tikunenayi ndi amayi, ndipo m'nyumba zambiri foni ya WhatsApp ili ndi bambo kapena mwana. Ena ali ndi foni ya mabatani. Ena kuwerenga kumawavuta. Kodi mzere wathu woyamba ukuwathandiza chiyani? Azakhali amayesa njira ziwiri. Amajambula mawu pa foni, ndipo lamulo ndi lomwe lija: mawu oyamba akhale a kumunda, uthenga usapitirire theka la mphindi, chifukwa munthu amaona kutalika kwake asanaumvere. Amalembanso mzere womwewo ndi choko pa bolodi limene timaimika panja pa shopu, kuti wodutsa pa njinga auone. Ndaonapo mayi ataima pa bolodipo, dengu lili pamutu, akuwerenga pang'onopang'ono za masamba a m'munsi, kenaka n'kuitana mnzake kuti adzaone. Koma amene sabwera ku Mponela, ndipo alibe foni, timangodalira kuti wowerenga akamuuza. N'chifukwa chake azakhali amafuna kuti mzere ukhale woti munthu angathe kuunena pakamwa kwa mnzake pa mjigo osaiwala liwu. Amandiuza kuti ndiziuwerenga mokweza ndisanatumize. Ukandikola pakhosi, ndiulembenso.

Inu amene muli ndi shopu ngati yathuyi, kaya ku Mitundu, ku Lunzu kapena ku Jenda, lembani pa khoma tsiku limene mvula yodzalira yagwa m'dera lanu chaka chino. Werengani masabata atatu kuchokera pa tsikulo, ndipo m'mawa wake tumizani uthenga woyamba ndi deti la mvulayo. Alimi anu adzakhala atatsala ndi sabata imodzi yopezera ndalama ya Yureya.